Mayina tinafufuta, malata anatsala

"Loya wa panjinga iwe! Unati sutchula munthu! Lero mwana wa mlongo wanga akumukuwiza pa mjigo, ukuti bwanji?"

Anali atagwira chiwongolero cha njinga yanga pakati pa msika wa Mitundu, pafupi ndi pogulitsira makala a ku Dzalanyama. Bambo wamtali, wolima fodya, manja olimba ngati khasu. Ndinkamudziwa. Anali mchimwene wa mayi wina amene ndinamuthandiza pa mlandu, ndipo ndiye anali mwini mbumba kwawo.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinaukankha mkono wake.

"Musandinene iwe pagulu, bambo. Mundionetse dzina la mlongo wanu m'kabuku kaja. Mundionetse mudzi. Mukalipeza ndimeza tsambalo pompano."

"Dzina ndi chiyani? Anthu amafuna dzina kuti adziwe munthu?"

 Ogulitsa makala anasiya kumanga matumba awo n'kumationerera.

Ndifotokoze kaye za ntchito yanga. Sukulu ndinalekeza fomu folo. Si ine loya ayi, ngakhale anthu anandipatsa dzina lonyoza lija chifukwa chopalasa njinga ndi chikwama cha mafayilo kumbuyo. Ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena kothandiza anthu a m'midzi pa nkhani za malamulo. Tinkamvetsera madandaulo, kulangiza, kulembera anthu makalata, ndi kuwaperekeza kukhothi kuti asakachite mantha. Ine ndinali ndi kachipinda kuseri kwa golosale ku Mitundu. Mnzanga, bambo wofatsa wovala magalasi, anali ndi kake ku Nathenje. Mu tauni munali ofesi yaikulu, momwe munali loya weniweni, mayi wachitsikana koma wakhama.

Chaka chimenecho akuofesi anaganiza zopanga kabuku ka milandu yeniyeni, kolembedwa mwachidule m'Chichewa, kophunzitsira ankhoswe ndi akulu a mipingo. Ganizo linali labwino. Munthu wa kuno ukamuwerengera ndime ya lamulo amayasamula, koma ukamuuza kuti mayi wina anapita kukhothi ndipo zinatha motere, amatchera khutu. Aliyense wa ife anauzidwa kusankha milandu m'mafayilo ake n'kuifupikitsa.

Ntchitoyi sinali yachibwana, ndipo ine sindinaigwire mwachibwana. Umayamba wapanga fotokope ya chigamulo. Pa fotokopepo umadetsa ndi inki yakuda mayina onse: a odandaula, a woyankha, a mboni, a mudzi, a mfumu, nambala ya mlandu, masiku. Ukatero umapanganso fotokope ina kuchokera pa yodetsedwayo, chifukwa pepala loyamba lija ukaliyang'anitsa padzuwa zilembo zimaonekera pansi pa inki. Loyambalo umaliwotcha. Kenako umalemba chidule chako. Zaka za munthu sutchula zenizeni. Ntchito yake, ngati ndi yodziwika, umangoti wabizinesi kapena mlimi. Mpingo umachotsa. Chilema, matenda, chilichonse choti munthu angaloze nacho chala, umachotsa, kupatula chimene chigamulo chaimirapo, chifukwa ukachotsa chimenecho chidule chimasanduka bodza. Pomaliza umapita kwa mwini nkhani, kumuwerengera mawu onse, avomere kapena akane. Kuofesi timatumiza chidule ndi fotokope yodetsedwa ija basi, kuti loya aone ngati sitinapotoze lamulo. Fayilo yeniyeni imakhala m'kabati yokhoma, ndipo suonetsa munthu, ngakhale mnzako wa ntchito. Lamulo limenelo tinalumbirira, ndipo tinkalisunga.

Mayi uja anabwera kwa ine banja lake litatha kale. Anakwatiwa kumbali ya Nathenje, chitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamuna. Banja litatha anabwerera kwawo kuno ndi mwana wake mmodzi, mtsikana, ndi malata pa ngolo. Khothi linali litagamula kuti katundu agawane pakati, ndipo mwamuna mwa mkwiyo anasasula theka la denga n'kumuponyera pabwalo. Mayiyo sanachite manyazi. Anamanga kanyumba kwawo, mbali ina malata, mbali ina udzu. Aliyense wodutsa pa msewu wafumbi uja ankaiona nyumbayo. Nkhani imeneyo sinali yachinsinsi. Mwini wake ankaikamba akuseka.

Chimene anabwerera kwa ine chinali china. Mwamuna anasiya kuthandiza mwana, akuti si wake. Mayiyo anakhala pa benchi langa nthawi yaitali akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje asanalankhule. Kenako anandiuza. Atakhala zaka m'banja opanda mphatso, akuchimuna anaona kuti vuto lili mwa mwana wawo. Anakonza mwakachetechete kuti kubwere mwamuna wina, amene kuno timati fisi, kuti m'nyumbamo mupezeke mwana. Mwamuna anavomera. Mwana atabadwa anamupatsa dzina yekha, kumulembetsa kusikelo ndi kusukulu ngati wake, kumunyamula paphewa popita kutchalitchi. Odziwa nkhaniyi anali ochepa kwambiri. Mchimwene wa mayiyo sankadziwa. Mwanayo sankadziwa.

Mlanduwo unamvedwa m'chipinda chotseka chifukwa unkakhudza mwana. Amene anaupulumutsa anali apongozi ake aakazi, mayi ake a mwamunayo. Anabwera okha n'kunena pamaso pa woweruza kuti nkhani ya fisi anakonza ndi iwo, ndipo mwana wawo anavomera ali maso. Khothi linati mwanayo anamulandira yekha ndi kumulera ngati wake, sangamutaye lero chifukwa banja latha. Amusamale.

Ndinausankha mlandu umenewu chifukwa ndinkadziwa kuti m'midzi muno muli amayi ena onga iyeyo amene amangolira m'nyumba, poganiza kuti alibe ponena. Ndinafufuta zonse. Sindinalembe kuti mwanayo ndi wamkazi. Sindinalembe kalasi yake. Dzina la fisi ndinalidetsa mpaka pepala linanyowa. Ndinasiya zinthu zitatu zokha: kuti linali banja la chitengwa, kuti mwana anali mmodzi, ndi kuti mayi ake a mwamuna anaikira umboni mpongozi wawo. Chachitatucho sindikanachichotsa, chifukwa chigamulo chonse chinaima pa umboni wawo. Komanso panalibe amene ankadziwa kuti apongoziwo analowa m'chipinda chija.

Ndinapita kunyumba kwake kukamuwerengera. Tinakhala kuseri, mwana ali kusukulu.

"Mayi, kodi anthu kuno amakudziwani ndi chiyani?"

Anaseka n'kuloza denga. "Si awa malatawa? Amangoti mayi wa malata atheka."

"M'menemu mulibe malata."

"Nanga dzina la mwana?"

"Mulibe."

"Bwerezaninso, achimwene, pang'onopang'ono."

Ndinabwereza. Anamvetsera maso ali pansi. Kenako anati, "Ngati zingathandize wina, lembani. Koma mwana wanga asadzamve. Tsiku lomwe adzamve, adzamve kwa ine, atakula." Anasayina. Ndinamuuza kuti mwana sadzamva. Ndinanena ndi mtima wonse chifukwa ndinkaidziwa ntchito yanga.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mlandu wake woyamba uja, wa chisudzulo ndi katundu, anamuthandiza ndi mnzanga wa ku Nathenje. Mayiyo sanaganize zondiuza, ndipo ine sindikanafunsa mnzanga za mafayilo ake. Nayenso mnzangayo anausankha mlanduwo kuti ulowe m'kabuku. Anafufuta mayina, midzi ndi masiku monga tinaphunzirira. Malata anawasiya chifukwa ndiwo anali chigamulo chenichenicho. Anabwera kudzamuwerengera mayiyo tsiku lina, iye n'kuvomera mokondwa, popeza m'nkhani imeneyo munalibe chobisa. Kuofesi loya analandira zidule ziwiri zochokera kumaofesi awiri, mapepala onse odetsedwa bwinobwino, opanda dzina loti n'kufananitsa. Anaziona kuti n'zolondola pa lamulo. Wosanja kabuku anaziika m'gawo la nkhani za m'banja, china tsamba lamanzere, china lamanja.

Mabukuwo anafika m'katoni m'mawa wa tsiku la maphunziro lomwelo, pa galimoto imene inabweretsa zakumwa. Tinasonkhana m'kalasi pa sukulu ina ya pulayimale pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ankhoswe ndi akulu a mipingo a mbali zonse ziwiri, atapanikizana pa madesiki a ana. Tinagawa mabuku tisanawatsegule n'komwe. Ine ndinali kalikiliki ndi kulemba mayina a obwera.

Mnzanga ndiye anayamba kuwerenga tsamba lake. Banja la chitengwa, mwana mmodzi. Mwamuna ankati nyumba ndi yake yekha chifukwa ili pamudzi pawo. Koma mayi ake a mwamunayo anaimirira m'khothi n'kunena kuti malata anagulidwa ndi mtedza umene mpongozi wawo analima. Khothi linati agawane.

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete.

"Aaa, ameneyu ndiye tikumudziwa!"

"Ngolo yake inadutsa pakhomo panga!"

"Gogo ameneyo anamuvula mwana wake pagulu, Nathenje yense anamva!"

Ine cholembera chinaima. Mayi ake a mwamuna. Ndinatsegula buku langa n'kuona tsamba langa lili pomwepo, moyang'anizana ndi lake.  Ndinaimirira n'kunena kuti tipume kaye, anthu amwe zakumwa. Koma mkulu wina wa mpingo, wokonda kuwerenga patsogolo pa anzake, chala chake chinali chitawoloka kale.

"Taimani, aphunzitsi. Koma apongozi amenewa ndi olimba mtima. Abweranso patsamba lina ili."

"Umenewo ndi mlandu wina, akulu," ndinatero.

"Chitengwa. Mwana mmodzi. Mayi a mwamuna kuikira kumbuyo mpongozi." Mkuluyo anavula magalasi n'kuyang'ana anzake. "Apongozi otere alipo angati m'dziko muno?"

Kuseka kunatha. Munangomveka mapepala akutembenuzidwa, ndi milomo ya osadziwa kuwerenga bwino ikunong'ona mawu amodziamodzi. Mayi wina kumbuyo anati, "Ho! Ndiye kamtsikana kaja..." n'kudzitseka pakamwa.

Ndinakalipa. Ndinamenya tebulo n'kunena kuti aliyense wotulutsa nkhani imeneyi panja ndithana naye, kuti milandu imafanana, kuti akuluakulu a mpingo asamakhale ngati ana. Mnzanga anandikoka malaya kuti ndikhale pansi. Ankanena zoona: kukalipa kwanga kunangowatsimikizira. Tinapempha kuti atibwezere mabuku. Ambiri anabweza mwaulemu, ena anali atawapinda kale m'matumba a jekete. Ngakhale akanabweza onse, zinali zitalowa kale m'mitu.

Panja ndinamutembenukira mnzanga.

"Bwanji simunandiuze kuti mayiyu anali wanu?"

"Ndikanakuuzani bwanji, achimwene? Inu munandiuza za wanu?"

Ndinaimbira foni loya wathu. Sanadzitchinjirize. Anati mabuku onse otsala asagawidwe, ndipo kuyambira tsopano munthu mmodzi aziona mayina enieni a milandu yonse kabuku kasanasindikizidwe. Anafunsa ngati mayiyo ali pabwino, ngati tingamuthandize ndi chiyani. Ndinamuyankha mwamwano kuti abwere adzafufute m'makutu mwa anthu. Sanandibwezere. Anangoti, "Pitani mukamuuze asanamve kwa ena."

Ndinapita madzulo omwewo. Ndinamupeza akupeta chimanga. Ndinamufotokozera zonse monga zinachitikira, osachotsa kanthu. Sanalire, sanatukwane. Anaika lichero pansi.

"Ndiye masamba awiri aja anakumana?"

"Anakumana, mayi."

"Onse ndinavomera ndine."

"Simunalakwe inu."

"Nanga analakwa ndani?"

Funso limenelo ndakhala nalo mpaka lero. Ndalitembenuza mbali zonse. Ndikanapeza wolakwa ndikanapepukidwa, chifukwa ine ndi munthu wofuna womukalipira. Mnzanga anachita monga tinaphunzirira. Loya anaona zimene tinamupatsa. Ine ndinadetsa mpaka inki kutha. Kusaonetsana mafayilo, komwe tinkati ndiko kuteteza anthu, ndiko kunatiphimba m'maso tonse.

Nkhani inayenda monga nkhani zimayendera kuno. Nkhoswe inauza mkazi wake pogona, mkaziyo n'kuuza mnzake kuchigayo. Sabata isanathe inali pa mjigo. Ana ndiye alibe chisoni. Mtsikanayo akufika ndi chidebe, anzake anayamba kulira ngati fisi kuseri kwa mpanda. Poyamba anaseka nawo, osadziwa kuti akunena iye. Wina ndiye anamuuza poyera. Anasiya chidebe pomwepo. Kusukulu sanapitenso. Anali mwana wanzeru, wokonzekera mayeso a sitandade eyiti, amene ankandipatsa moni wa Chingerezi ndikafika pakhomo pawo kuti ndimuyankhe.

Ndiye tsiku lija pamsika, mchimwene wake atandifunsa ngati anthu amafuna dzina kuti adziwe munthu, iye anatsitsa mawu, n'kundikokera kumbali, kuseri kwa matumba a makala.

"Chabwino. Zatayika, zatayika. Koma undiuze chinthu chimodzi. Mwamunayo ndani?"

"Mwamuna uti?"

"Usandipusitse. Analowa m'nyumba mwa mlongo wanga. Dzina lake lili m'mapepala ako."

"Sindingakuuzeni."

Anaseka kuseka koipa. "Dziko lonse waliuza za mlongo wanga, koma ine malume ake a mwana ukundibisira? Chinsinsi chako chimateteza amuna okhaokha?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa kunja kwake ankaoneka oona. Mwa onse a m'nkhaniyi, amene anatsala wobisika anali fisi yekha. Mwamuna wakale uja ankasekedwa ku Nathenje mpaka anasiya kupita kumalo omwera. Apongozi aja anaitanidwa ndi akulu a mpingo wawo. Amuna angapo osalakwa ankalozedwa zala, anthu akuyerekeza mphuno ndi makutu awo ndi a mwanayo. Koma ndinkadziwa chimene manja aja akanachita ndi dzinalo. Munthuyo ali ndi mkazi ndi ana, ndipo anapemphedwa, sanabe.

"Mukafunse mlongo wanu. Akafuna akuuzani yekha."

"Wakana."

"Ndiye inenso ndakana. Mundimenye ngati mukufuna."

Ndinkafuna atandimenya. Ndikanabwezera, tikanagubuduzana m'fumbi la makala, ndipo mwina chifuwa chikanapepuka. Sanandimenye. Anasiya chiwongolero n'kupukuta manja pa buluku.

"Mawa akuchoka. Ndawapezera malo kwa msuweni wathu amene ali pa esiteti ya fodya kutali uko, komwe sawadziwa. Mwana akukana kutuluka m'nyumba, akukana kudya, akukana kuyang'ana mayi ake. Mayi ake akalowa, iye amatembenukira kukhoma. Wamva? Kukhoma. Umenewo ndiye mlandu umene unawina."

Anapita. Wogulitsa makala wina anayesa nthabwala, akuti loya lero waluza, koma palibe anaseka.

Sindinapite kukachipinda kanga tsiku limenelo. Ndinakankha njinga mpaka kunyumba osaikwera. Mkazi wanga ataona nkhope yanga sanafunse kanthu, anangouza ana kuti akasewere kutali. Iye sindinamuuzepo za mlandu uliwonse chiyambire ntchitoyi, koma nkhaniyi anali ataimva kale kuchigayo, ndi zowonjezera zake. Ndinakhala pakhonde n'kumaganiza za moyo wa pa esiteti, poti ndimaudziwa, ndalembapo madandaulo ambiri a matenanti, olimira eni esiteti fodya. Ndinkadziwa kuti mwana wa zaka zimenezo akafika kumeneko amayamba kusoka fodya, ndipo za mayeso zimathera pomwepo. Chithandizo chimene khothi linagamula, ndani akachilondole kutali konseko? Chigamulo chinali m'kabati mwanga, cholembedwa bwino, chodindidwa, chokhomeredwa ndi loko.

Kutacha ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwawo. Sindinatenge chikwama. Ndili patali ndinamva kulira kwa misomali ikuzulidwa. Ngolo inali itaima pabwalo, ng'ombe zikudya mapesi. Mchimwene uja anali padenga ndi hamala, akusasula malata aja kuti akagulitsidwe, apezeke poyambira kumene akupitako. Mayiyo ankamanga mapoto m'chitenje. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka, ndipo ndinadziwa kuti mwana ali m'menemo, akuona denga likutseguka pamwamba pake.

Anthu oyandikana nawo anaima patali, m'mphepete mwa nkhokwe zawo, osabwera kudzathandiza.

Ndinatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango. Mayiyo anandiona, anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kupitiriza kumanga katundu. Mchimwene wake anandiyang'ana ali pamwamba, lata lili m'manja, akusowa womupatsira. Tinayang'anizana kanthawi.

"Gwira bwino," anatero. "Limacheka."

Ndinalilandira n'kukaliika pa ngolo, n'kubwerera kudzadikira lina.